Kulimbitsa Thupi kwa Mayi Woyembekezera

Mayi amene pathupi pake palibe vuto amafunika kulimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata, malinga ndi malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO. Izi zikutanthauza mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu. Kutero kumachepetsa kupweteka kwa msana ndi kudzimbidwa, komanso kumathandiza kupewa matenda a shuga obwera ndi pathupi.

Kuyenda ndawala ndiyo njira yosavuta. Mayi wa pathupi pa miyezi inayi, amene sanazolowere, angayambe ndi mphindi 10 pamalo a fulati, m'mawa kapena madzulo dzuwa litapepa. Sabata iliyonse aziwonjezera mphindi zisanu mpaka zikwane 30. Liwiro lake limadziwika polankhula: ngati akutha kucheza ndi mnzake uku akuyenda, zili bwino, koma mawu akayamba kuduka ndi wefuwefu ndiye kuti wapyola muyeso. Madzi akumwa asamusowe panjira.

Kudziwongola kumafuna kufatsa, chifukwa thupi la woyembekezera limatulutsa michere yofewetsa minyewa yogwira mafupa pokonzekera kubereka, ndipo mfundo zimabinya msanga. Pofuna kupepuza msana, mayi amagwada pamphasa manja ali pansi, n'kukweza msana pang'onopang'ono ngati uta, kenako n'kuubwezera pomwe unali. Amachita zimenezi kasanu kapena kakhumi, akupuma bwinobwino, ndipo amalekeza pomwe ayamba kumva ululu.

Mimba ikamakula, zina zimayenera kusiyidwa. Pakatha miyezi inayi, kuchita masewera chogona chagada si kwabwino, popeza chiberekero chimapsinja mtsempha waukulu wobweza magazi kumtima. Mayi amachita chizungulire ndipo magazi opita kwa mwana angachepe. Zikatero agone chammbali. Kulemera kwa mimba kumakokeranso thupi kutsogolo, choncho kugwa sikuchedwa. N'chifukwa chake mpira wamiyendo, ntchemberembaye, kudumphadumpha ndi kupalasa njinga m'misewu ya zigwembe ziyenera kudikira mpaka atachira. Katundu wolemera nayenso amapweteka msana ndi chiuno. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndiye ndi bwino kutunga theka, ndipo ponyamula apinde mawondo msana uli chilili.

Mayi asiye masewera nthawi yomweyo n'kupita kuchipatala akaona magazi kapena madzi akutuluka kunjira ya abambo kapena kuti kumaliseche, akamva kupweteka pachifuwa, mutu waukulu kapena chizungulire chosatha, katumba akatupa n'kumawawa, mimba ikamapota mobwerezabwereza ngati matenda ayamba, kapena mwana akachepetsa kugunda. Amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, kuchepa kwambiri kwa magazi, matenda a mtima, nsengwa yokhala kukhomo la chiberekero, kapena amene anaberekapo mwana wosakwana masiku, ayambe afunsa anamwino kusikelo asanayambe masewera aliwonse.