Nambala Imodzi, Matanthauzo Anayi

Purosesa ya 6502, yomwe inatuluka mu 1975, imasonyeza bwino kuti lamulo limodzi lingatenge nambala m'njira zingapo.

```
LDA #$10
LDA $0010
LDA $0200,X
LDA ($10),Y
```

Mzere woyamba ukuika 16 yeniyeniyo mu rejisita A, chifukwa `$10` ndi 16. Wachiwiri ukupita ku adiresi 16 m'memori kukatenga zimene zili kumeneko. Mukangoiwala kachizindikiro `#`, pulogalamu iyendabe osadandaula, koma yankho lidzakhala lolakwika, ndipo vuto limeneli limandidetsa nkhawa kwambiri.

Wachitatu ukuwonjezera X pa adiresi: X akakhala 3, tiwerenga pa `$0203`. Umu ndi momwe timayendera mndandanda.

Wachinayi uli ngati kufika pakhomo n'kuuzidwa kuti mwini wake ali kwina. Pa `$10` ndi `$11` pasungidwa adiresi ina, purosesa imaiwerenga, n'kuwonjezerapo Y, kenako n'kukatenga nambala kumeneko.