Kalata ya wopanga apu: iwerengeni musanatulutse ndalama

Mwini sitolo akafuna kumangitsa nyumba yosungiramo katundu, mmisiri amamulembera koteshoni ya matumba a simenti, malata ndi misomali, ndipo tsiku lililonse amatha kupita kukaona pomwe khoma lafika. Apu ya pafoni ilibe khoma loti munthu akaone. Wopanga apu amagwira ntchito pa laputopu yake, mwina ali ku Zomba pomwe sitolo ili ku Limbe, ndipo kwa masabata angapo chimene mwini sitolo amakhala nacho m'manja ndi kalata imene analemberedwa ntchito isanayambe. Mikangano yambiri ya pambuyo pake imachokera pa zimene kalatayo sinanene.

Tiyerekeze ndi sitolo yogulitsa zipangizo zomangira. Mwini wake watopa ndi makasitomala ofunsa mitengo pa WhatsApp usiku ndi usana, ndiye akufuna apu yoti anthu aziona katundu, kuitanitsa ndi kulipira. Wapeza mnyamata wodziyimira payekha, wosalembedwa ntchito pa kampani iliyonse, ndipo mnyamatayo wamulembera kalata ya masamba awiri. Ziwerengero zotsatirazi n'zachitsanzo chabe, poti mitengo imasiyana malinga ndi kukula kwa ntchito.

Kalatayo ikuyamba ndi kubwereza zomwe awiriwa anakambirana: "Bambo, monga munanenera, apuyi ikhala ya mafoni a Android okha. Kasitomala aziona katundu ndi mitengo, aziitanitsa, ndipo azilipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Inu mukhala ndi tsamba lanu losinthira mitengo." Kenako pakubwera chiganizo chimene eni masitolo ambiri amachilumpha: "Mtengowu sukuphatikiza apu ya iPhone, kulondoloza galimoto yoperekera katundu, kapena kusunga mbiri ya ongongola." Chiganizo chimenechi n'chimene chimateteza onse awiri. Pakapanda icho, sabata yachisanu ndi chimodzi mwini sitolo amaimba foni kuti, "Achimwene, tangowonjezeranipo ka malo ka ngongole," osadziwa kuti ka malo kameneko ndi ntchito ya masabata awiri.

Ntchito yonse yagawidwa m'magawo anayi, masabata 12, pa mtengo wa K4,500,000. Gawo loyamba ndi sabata imodzi yokhala pansi ndi kulemba zonse zomwe apuyo izichita, pa K450,000. Lachiwiri ndi masabata awiri ojambula momwe sikirini iliyonse izionekera, pa K900,000. Lachitatu, lalitali kuposa onse, ndi masabata asanu olemba pulogalamu yeniyeniyo, pa K2,250,000, yolipidwa kawiri. Lomaliza ndi masabata anayi oyesa apuyo ndi kuiika pa Google Play, pa K900,000.

Pa magawo anayiwa, lachiwiri ndi limene mwini sitolo ayenera kuliikira mtima. Zithunzi za masikirini zimasinthika mosavuta: kusuntha batani, kuchotsa tsamba, kuika simenti pamwamba pa penti, zonsezi zimatenga ola limodzi kapena awiri. Pulogalamu ikalembedwa, kusintha komweko kumafuna kuphwasula zomwe zamangidwa kale. Ndiye kalata yabwino imanena kuti mwini sitolo asinthitsa zithunzizo kangati popanda kuwonjezera ndalama, mwachitsanzo kawiri, ndi kuti akavomereza asainire. Zosintha zobwera pambuyo pa siginecha zimakhala ndi mtengo wake komanso masiku ake.

Gawo lililonse liyeneranso kutha ndi chinthu chooneka ndi maso. Mawu akuti "ntchito ili pa theka" sauza mwini sitolo chilichonse, chifukwa alibe njira yowatsimikizira. Kalata ya mnyamata uja ikunena kuti pakutha pa sabata yachitatu ya gawo lachitatu, apu yoyeserera iikidwa pafoni ya mwini sitolo, ikuonetsa katundu ndi mitengo, ndipo theka la K2,250,000 lilipidwa tsiku limenelo. Wopanga apu amene akufuna ndalama zonse ntchito isanayambe ndi wofunika kumukayikira. Nayenso mwini sitolo amene akufuna kudzalipira zonse kumapeto akupempha munthu kuti agwire ntchito miyezi itatu osadya.

Masabata 12 aja sali m'manja mwa wopanga apu yekha. Sitolo ya zipangizo ingakhale ndi mitundu ya katundu mazanamazana, ndipo wina ayenera kujambula chilichonse, kulemba dzina lake ndi mtengo wake. Ntchito imeneyi ndi ya mwini sitolo ndi anyamata ake, ndipo ndi imene imachedwetsa zinthu kawirikawiri. Kulandira ndalama za pafoni kudzera mu apu nakonso kumafuna akaunti ya bizinesi, kaya yotsegulidwa ku kampani ya mafoni kapena kudzera ku makampani olumikiza malipiro monga PayChangu, ndipo amene amafunsira akauntiyo ndi mwini bizinesi, ndi zikalata zake za kalembera. N'chifukwa chake kalatayo ikuti: "Mukachedwa kutumiza mndandanda wa katundu ndi sabata imodzi, tsiku lomaliza nalonso lisuntha ndi sabata imodzi."

Nanga masabata anayi a gawo lomaliza achulukiranji? Apa mnyamatayo sakuzengereza dala. Google inakhazikitsa lamulo loti maakaunti a munthu payekha otsegulidwa pambuyo pa 13 Novembala 2023 ayambe ayesetsa apu yawo kwa gulu la anthu kwa masiku 14 otsatizana isanaloledwe kupita kwa aliyense. Poyamba ankafuna anthu 20, kenako anatsitsa kufika pa 12. Masiku 14 akatha, Google imaunikanso pempholo, zomwe zimatenga masiku ena. Munthu wolonjeza kuti apu yatsopano ikhala pa Google Play mawa, pa akaunti yatsopano ya munthu payekha, ndiye kuti lamuloli sakulidziwa.

Pa nkhani ya mtengo, K4,500,000 si mapeto. Kutsegula akaunti ya Google Play kumafuna madola 25 olipira kamodzi, pomwe ya Apple ndi madola 99 chaka chilichonse, chimene ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe masitolo ang'onoang'ono amayambira ndi Android. Seva yosungira katundu ndi maoda imalipidwa mwezi ndi mwezi, nthawi zambiri m'madola, ndipo olumikiza malipiro amadulako kangachepe pa ndalama iliyonse yolowa. Amalawi akukumbukira kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Choncho kalata yanzeru imalemba zolipira za madola padera, m'madola momwemo, ndipo imanena kuti mtengo wa kwachawo ugwira ntchito kwa masiku angati, mwachitsanzo 30. Imanenanso kuti zolakwika zopezeka apu itatuluka zikonzedwa ulere kwa nthawi yaitali bwanji, ndi kuti pambuyo pake kusamalira apuyo kuzidya zingati pamwezi.

Chotsala ndi umwini. Akaunti ya Google Play, seva ndi akaunti ya malipiro ziyenera kutsegulidwa m'dzina la sitolo, ndi imelo ya sitolo, ndipo kalata inene poyera kuti malipiro omaliza akaperekedwa, pulogalamu yonse monga inalembedwera iperekedwa kwa mwini sitolo. Zikakhala m'dzina la wopanga apu, tsiku limene iye wapeza ntchito ku Joni kapena awiriwa ayambana, sitolo imatsala ndi apu yoti singasinthidwe ngakhale ndi katswiri wina. Ngati kalata imene mwalandira sikunenapo za umwini, ibwezeni kuti ailembenso musanatumize ndalama yoyamba.