Mawu a mu tenda amene amapulumutsa pampu

Bungwe loona za madzi likafuna kugula mapampu, limalemba tenda yofotokoza zonse zimene wogulitsa ayenera kubweretsa. Masiku ano m'tenda zambiri mumapezeka ndime ya makina osinthira liwiro la mota, amene mainjiniya amawatchula kuti VSD. Magetsi a ESCOM amabwera pa 50 Hz, ndipo mota yolumikizidwa mwachindunji imazungulira pa liwiro limodzi basi. Makinawa amatsitsa kapena kukweza nambalayi, kuti pampu izipopa molingana ndi madzi ofunikira. Koma ndimeyi ikangonena kuti “VSD ya 75 kW”, wogula wadzitchera yekha msampha.

Chimene chimatenthetsa makinawa ndi maampeya. Tiyerekeze kuti mota ya 75 kW pa 400 V yalembedwa pa kachitsulo kake kuti imakoka maampeya 135. Wogulitsa wabweretsa VSD ya maampeya 145, ndipo papepala zonse zikuoneka bwino. Komatu opanga ambiri amalonjeza nambala imeneyo pokhapokha ngati kutentha sikupitirira madigiri 40, ndipo malowo sali pamwamba kuposa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Kupitirira apo mpweya umapepuka ndipo suziziritsa mokwanira, choncho amachotsa 1 peresenti pa mamita 100 alionse. Pa kutentha, ambiri amachotsanso pafupifupi 1 peresenti pa digiri iliyonse.

Tsopano makinawa aikidwe ku Dedza, pa mamita pafupifupi 1,600, m'kanyumba kofolera malata komwe mkati mwa bokosi la magetsi mumafika madigiri 45 mwezi wa Okutobala. Kukwera kwa malo kwadya 6 peresenti, kutentha kwadya 5 peresenti, ndipo maampeya 145 aja atsika kufika pafupifupi 130. Mota ikufuna 135. Zizindikiro zake sizivuta kuona: usiku ndi m'mawa pampu imayenda bwinobwino, koma dzuwa likafika paliwombo makina amazima okha n'kuonetsa uthenga woti atentha. Anthu amathamangira kuloza chala magetsi, chonsecho vuto linabadwira m'tenda. Ndime yabwino imatchula kukwera kwa malo, kutentha kwa mkati mwa bokosi, ndi kulamula kuti maampeya otsala atachotsera zonsezi aposebe a mota, mwachitsanzo ndi 10 peresenti. Wogulitsa aonetse masamuwo m'kalata yake, pamodzi ndi tsamba la wopanga.

Ndime yachiwiri, yomwe ine ndimaiona kuti imanyalanyazidwa kwambiri, ndi ya liwiro lotsikitsitsa. Mphamvu imene pampu imakankhira madzi m'mwamba imagwa msanga kuposa liwiro lake. Liwiro likatsika kuchoka pa 50 Hz kufika pa 40 Hz, ndiye kuti latsala 0.8, koma kukankha kwatsala 0.8 × 0.8, yomwe ndi 0.64. Pampu yomwe malire ake anali mamita 100 tsopano ikulekera pa mamita 64. Ngati thanki ili pamtunda wa mamita 64, palibe dontho limene lingagweremo. Mota ikulira, mita ikuwerenga mayunitsi, koma madzi akungovundulika m'pampumo mpaka kutentha ndi kuwononga zotsekera kuti isadonthe. Ukagwira thupi la pampu umamva kufunda, pomwe mita ya madzi yangoima. N'chifukwa chake tenda iyenera kupereka kutalika kwenikweni kwa thanki, kulamula wogulitsa kuti awerengere liwiro lotsikitsitsa, ndi kuti makina azizimitsa pampu akaona kuti madzi sakuyenda kapena chitsime chaphwa. Masamu omwewa amauzanso wogula zoona: pamene madzi akukwera phiri lalitali, mpata wotsitsa liwiro ndi wochepa, ndipo magetsi opulumutsidwa sachuluka monga amalonda amanenera.

Zina n'zachidule koma zisasowe. Kutalika kwa chingwe chochokera pa VSD kupita ku mota kulembedwe, chifukwa chingwe chachitali, monga cha pampu ya pansi pa chitsime, chimakulitsa kugunda kwa magetsi kumene kumadya zokutira mawaya a mota, ndipo pamafunika sefa yapadera. Bokosi likhale la IP54 ngati pamalopo pali fumbi ndi chinyezi. Patchulidwenso muyezo wa IEC 61800-3, woletsa makinawa kusokoneza zipangizo zina, komanso kuti magetsi akathima n'kubweranso, makina adzidzutse okha mwadongosolo.

Inu amene mumakhala m'makomiti ogula katundu, musavomere mawu oti “makina oyenera malowo”. Funani nambala zoti mutha kuyeza tsiku lolandira katundu, pampu ikuyenda masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndalama zomaliza zisatuluke mayesowo asanachitike.