Kujambula Mndandanda wa Ntchito za Fakitale: Pamene Ndalama Zimatayikira ndi Pamene Phindu Limachokera

Katundu aliyense wa m'fakitale amadutsa m'manja ambiri asanafike kwa wogula. Pali ogula zipangizo, ozisunga, opanga katunduyo, omulongedza, omutumiza, omugulitsa ndiponso olandira madandaulo. Ntchito iliyonse mwa izi imadya ndalama, ndipo iyenera kuwonjezera kanthu kamene wogula angalole kulipira. Kujambula mapu a mndandanda wa ntchitozi ndi njira yoonera mbali ziwirizi pamodzi: zimene ntchito ikudya ndi zimene ikubweretsa.

Njirayi inatchuka ndi Michael Porter, mphunzitsi wa zamalonda wa pa yunivesite ya Harvard ku Amereka, m'buku lake la mu 1985 lotchedwa Competitive Advantage. Mfundo yake inali yakuti mphamvu ya kampani sioneka munthu akamaiona yonse ngati chinthu chimodzi, koma akaiphwanya m'ntchito zake. Iye anazigawa m'magulu 9. Asanu amakhudza katundu mwachindunji: kulandira ndi kusunga zipangizo, kupanga katundu, kumutumiza, kumutsatsa ndi kumugulitsa, ndiponso kuthandiza wogula atagula kale. Anayi otsalawo amachirikiza asanuwo: kugula zofunika pa kampani, luso ndi kafukufuku, kulemba ndi kuphunzitsa antchito, komanso utsogoleri pamodzi ndi zowerengera ndalama. Kusiyana kwa ndalama zimene wogula walipira ndi zimene ntchito zonsezi zadya ndiko phindu.

Magulu 9 amenewa ndi poyambira chabe. Wojambula mapu amatenga katundu wa mtundu umodzi n'kumutsatira ndi mapazi kuyambira pageti lolandirira zipangizo mpaka pamene wakwera lole, akulemba ntchito iliyonse yoima payokha. M'fakitale yosoka zovala, mawu akuti "kupanga" amabisa ntchito zingapo zosiyana kwambiri: kuyala nsalu, kudula, kusoka, kuyendera zolakwika, kusita. Ntchito imayenera kulembedwa payokha ngati imadya ndalama zambiri, ngati chimene chimakweza mtengo wake n'chosiyana ndi cha zinzake, kapena ngati opikisana nawo amaichita mwanjira ina.

Gawo lovuta ndi lotsatira, loika ndalama pa ntchito iliyonse. Mabuku a akauntanti sanalembedwe ndi cholinga chimenechi. Iwo amasonkhanitsa malipiro onse pamzere umodzi, magetsi onse pamzere wina, lendi penanso, pamene mapu amafuna kudziwa malipiro, magetsi ndi malo a chipinda chodulira pachokha. Choncho mzere uliwonse wa m'mabuku umaphwanyidwa n'kugawidwa kwa eni ake. Makina, nyumba ndi katundu wongokhala m'nyumba yosungiramo nazonso zimawerengedwa, chifukwa ndalama yomangika mu nsalu imene yakhala miyezi itatu pashelefu imakhala ikubala chiwongoladzanja ku banki. Manambala safunika kukhala olondola mpaka pa tambala, bola asonyeze kukula kwa chinthu poyerekeza ndi chinzake.

Chitsanzo chongoyerekezera chingathandize. Fakitale yosoka malaya yapeza kuti pa madola 100 aliwonse amene imawononga, 40 ndi a nsalu, 8 ndi a ulusi, mabatani ndi zolongedzera, 5 ndi a chipinda chodulira, 17 ndi a kusoka, 6 ndi a kuyendera ndi kusokanso zolakwika, 9 ndi a kusunga ndi kutumiza, 7 ndi a kugulitsa, ndipo 8 ndi a ofesi. Phindu likayamba kuchepa, mabwana ambiri amathamangira kwa osoka, popeza ndiwo ambiri ndipo ndiwo amaoneka. Komatu ngakhale ndalama za kusoka zitadulidwa ndi 10 peresenti, zopulumuka ndi madola 1.7 basi, ndipo mwina pamwamba pake zolakwika zichuluka.

Chipinda chodulira n'chaching'ono pamapu, koma ndicho chimalamula kuchuluka kwa nsalu imene ithere m'malaya ndi imene igwe pansi ngati zidutswa. Zimadalira mmene mapatani a manja, kolala, msana ndi kutsogolo asanjidwira pansalu isanadulidwe. Ngati panopa nsalu yolowa m'malaya ndi 80 peresenti, ndipo kusanja mwaluso kungaifikitse pa 85, ndalama za nsalu zitsika kuchoka pa 40 kufika pafupifupi 37.6. Zopulumukazo ndi madola 2.4, pafupifupi theka la zonse zimene chipinda chodulira chimadya. Motero kulemba katswiri wosanja mapatani pa malipiro okwera kungakweze ndalama za chipindacho koma n'kutsitsa za fakitale yonse. Apa m'pamene pagona nzeru ya njirayi: kawirikawiri ndalama zimaonekera pa ntchito ina koma chozidya chili pa ntchito ina. Zilinso chimodzimodzi ndi madola 6 a kusokanso zolakwika. Gwero lake lingakhale nsalu yotchipa imene ogula zipangizo anasankha, ndipo iwo anayamikiridwa kuti asunga ndalama pamene osoka anadzudzulidwa.

Mapu olakwika ali ndi zizindikiro zake. Chimodzi ndi mzere wa "zina ndi zina" umene wakula kuposa ntchito zotchulidwa maina. China ndi kugawa ndalama za ofesi ndi za makina molingana ndi maola a osoka. Oda ya malaya 50 imafuna kujambula patani, kusintha ulusi ndi kulemba mapepala pafupifupi mofanana ndi oda ya malaya 5,000, koma kagawidwe koteroko kamakankhira mtolo pa oda yaikuluyo. Mapeto ake maoda ang'onoang'ono amaoneka ngati opindulitsa, fakitale n'kumawafunafuna, maoda akuchuluka koma kubanki ndalama sizikuoneka.

Zonsezi ndi theka la ntchito. Mapu oonetsa ndalama zotuluka zokha amachititsa munthu kudula chilichonse chodula, kuphatikizapo chimene chimakopa ogula. Pa ntchito iliyonse pamafunika funso lachiwiri: kodi wogula amalipira chiyani chimene ntchito imeneyi imabweretsa, ndipo opikisana nawo amaichita bwanji? Kampani ya Inditex ya ku Spain, mwini masitolo a Zara, ndi chitsanzo chenicheni chimene aphunzitsi a zamalonda amakonda pa funsoli.

Amancio Ortega, amene anayamba ndi kusoka zovala, anatsegula sitolo yoyamba ya Zara mu 1975 mumzinda wa A Coruña, m'chigawo cha Galicia, ndipo likulu la kampaniyi lili pafupi, ku Arteixo. Pamene makampani ambiri a zovala a ku Ulaya ndi ku Amereka ankasamutsira ntchito yosoka ku Asia pothawa malipiro okwera, Zara inasunga gawo lalikulu la ntchitoyi pafupi ndi kwawo: ku Spain, ku Portugal, ku Morocco, kenako ku Turkey. Kwa zaka zambiri kampaniyi yakhala ikudula nsalu ndi makina m'mafakitale ake, n'kutumiza zodulazo kwa osoka a m'madera oyandikana, ndipo zovala zimabwerera kudzasitidwa, kuikidwa mitengo ndi kulongedzedwa. Nsalu yambiri imagulidwa isanapakidwe utoto kuti mtundu wake udzasankhidwe mochedwa. Masitolo amalandira katundu watsopano kawiri pa sabata, akutali kudzera pa ndege, ndipo oyang'anira masitolo amauza likulu zimene zikuyenda ndi zimene ogula akufunsa. Chovala chatsopano chimatha kufika m'sitolo m'masabata ochepa, pamene mwa njira yakale oda imaperekedwa miyezi ingapo nyengo yake isanafike.

Woona mzere wa kusoka ndi wa kutumiza pawokha anganene kuti kampaniyi ikutaya ndalama. Kubweza kwake kuli pa mzere wina. Woda zovala miyezi yambiri pasadakhale amalosera zimene anthu adzakonde, ndipo akaphonya amatsala ndi milu yogulitsa motsitsa mtengo. Wopanga pang'onopang'ono mofulumira amayamba waona chimene chikugulidwa n'kuwonjezera chomwecho. Zara imadziwikanso kuti imawononga zochepa kwambiri pa kutsatsa malonda, m'malo mwake imalipira malo odula a masitolo m'misewu ikuluikulu ya m'mizinda.

Manambala ongoyerekezera akusonyeza mmene kusinthanaku kumayendera. Makampani awiri apanga malaya 1,000 aliyense, ogulitsa pa madola 30. Yoyamba yasoketsa kutali pa madola 10 malaya amodzi, zonse pamodzi 10,000. Yagulitsa 600 pa mtengo wonse ndipo 400 pa theka la mtengo, n'kupeza 24,000. Yatsala ndi 14,000. Yachiwiri yasoketsa pafupi pa madola 13, zonse pamodzi 13,000, koma yagulitsa 900 pa mtengo wonse ndi 100 okha pa theka, n'kupeza 28,500. Yatsala ndi 15,500. Yachiwiriyo yaluza madola 3,000 m'fakitale n'kupeza 4,500 m'sitolo. Mkulu wa fakitale woweruzidwa ndi mtengo wa malaya amodzi sangaone zimenezi, chifukwa ndalama zotayika potsitsa mitengo sizilembedwa m'mabuku ake.

Kusinthanaku kuli ndi malire. Kumagwira ntchito pa zovala zimene fashoni yake imatha msanga. Pa sikipa yoyera wamba, imene imagulidwa chaka chonse, makampani onse awiriwo angagulitse 900 pa mtengo wonse, ndipo wosoketsa kutali angapambane ndi madola 3,000 aja. N'chifukwa chake Zara yomwe imasoketsa zovala zoterozo ku Asia. Ndiye kuti kampani imodzi ingafunike mapu awiri kapena atatu, a katundu wosiyanasiyana, chifukwa mapu amodzi ophatikiza zonse amabisa kusiyanaku.

Pomaliza ntchito iliyonse imaikidwa m'gulu lake. Imene imadya ndalama osawonjezera kanthu kwa wogula, monga kusokanso zolakwika kapena kunyamula nsalu kawiri pakati pa nyumba zosungiramo, imachotsedwa pokonza gwero lake. Imene ili yofunika koma wina aliyense angaichite mofanana, monga kuyendetsa malole, ingaperekedwe kwa kampani ina ngati ikutchipa. Imene imabweretsa chifukwa chimene wogula amasankhira kampaniyo imasungidwa ndi kuwonjezeredwa ndalama, ngakhale ikhale yodula kuposa ya opikisana nawo.

Chovuta chachikulu n'chakuti manambala a opikisana nawo sapezeka poyera. Amangoyerekezedwa kuchokera ku malipoti a pachaka, mitengo ya ogulitsa zipangizo, ndiponso pogula katundu wawo n'kumusula kuti aone nsalu ndi masokedwe. Mapu amakalambanso. Mtengo wa thonje, wa mafuta a ndege, malipiro kapena mphamvu ya ndalama zikasintha kwambiri, ntchito imene inali yaing'ono imakula, ndipo mapu amayenera kuwerengedwanso kampani isanasankhe kutseka chipinda china kapena kusamutsa ntchito.