Chuni chili m'mutu, dzina la nyimbo latayika: muipeza bwanji?

Nyimbo za kutchalitchi n'zovuta kuzifufuza kuposa nyimbo zina zonse. Ambirife sitinaziphunzire m'buku. Tinazimva pamaliro usiku, paukwati kapena pa wailesi m'minibasi, ndipo chomwe chimatsala m'mutu ndi chuni ndi timawu tiwiri ta kolasi. Tsiku lomwe mukuifunadi, simudziwa dzina lake kapena kwaya yomwe inaiimba.

Chaka chatha azakhali anga anafuna kuti pamwambo wa chiliza cha agogo tiimbe nyimbo yomwe malemuwo ankaikonda. Ankakumbuka mawu awiri okha, "mtsinje" ndi "kukumana", ndipo kunatsala masabata awiri. Poti ndine "wa pafoni" pabanja pathu, ntchito inagwera ine.

Choyamba muyenera kudziwa kuti Shazam siingakuthandizeni. Iyo imayerekeza zomwe ikumva ndi nyimbo yojambulidwa kale, choncho imafuna kuti nyimbo yeniyeniyo izilira pafupi. Mukaiimbira ndi pakamwa imangokhala duu. Chomwe chimamva chuni ndi pulogalamu ya Google, kuyambira mu 2020: mumadina kachizindikiro ka maikolofoni, kenako Search a song, n'kung'ung'udza masekondi 10 mpaka 15. Imakupatsani nyimbo zingapo zomwe zikufanana ndi zomwe mwaimbazo.

Azakhali anang'ung'udza katatu, koma zotuluka zinali zachilendo zokhazokha. Chifukwa chake ndinachizindikira nditamvetsera bwino uthenga wa mawu womwe ananditumizira pa WhatsApp. Iwo akhala akuimba alito m'kwaya ya amayi kwa zaka zambiri, ndiye chomwe chinali m'mutu mwawo ndi mzere wa alito, womwe umangozungulira pa manotsi atatu kapena anayi. M'nyimbo za mawu anayi, chuni chenicheni chimakhala kwa asopulano. Ngati mumaimba alito, tena kapena besi, pezani wa sopulano akuimbireni. Komanso pamaliro timaimba mokoka kwambiri, moti m'masekondi 15 mumangotha mzere umodzi. Fulumizitsani pang'ono kuti kolasi ilowe yambiri.

Mnzawo wa azakhali, wa sopulano, ataiimba, foni inatulutsa "Shall We Gather at the River", yomwe anapeka Robert Lowry wa ku America mu 1864. Azakhali atangomva poyambira anati, "Ndi yomweyo, mwanawe, koma amayi ankaiimba m'Chichewa."

Apa ndiye pagona nkhani. Nyimbo zambiri za m'mabuku ngati Nyimbo za Mulungu, lomwe a CCAP amagwiritsa ntchito, kapena Khristu mu Nyimbo la a Seventh-day Adventist, zinamasuliridwa kuchokera ku Chingerezi, chuni n'kusiyidwa momwemo. Ndiye foni ikakupatsani nyimbo yachizungu musataye mtima, mwapeza kholo lake. Chatsala n'kupeza mawu a kwathu. Musadalire kwambiri mndandanda wa m'buku, chifukwa kawirikawiri umatsata mzere woyamba wa vesi yoyamba, pomwe inu mukukumbuka kolasi. Ife tinapita kwa abambo ena omwe aphunzitsa kwaya kwa nthawi yaitali. Titawatchulira dzina la Chingerezi, anatulutsa kope lakale momwe munali mawu a Chichewa ndi manotsi a do, re, mi pamwamba pake. Sanatenge ngakhale mphindi 10.

Nanga ikakhala nyimbo yopekedwa konkuno, ya kwaya ya pampingo wina kumudzi? Pamenepo kung'ung'udza sikupindula kwenikweni, poti makina amangodziwa nyimbo zomwe zinaikidwa m'nkhokwe zawo, ndipo zambiri zathu zinathera pa makaseti ndi ma CD. Gwiritsani ntchito mawu. Lembani timawu tanu pa YouTube, muwonjezere "kwaya", "choir", "Mvano" kapena dzina la mpingo. Yesani kalembedwe kosiyanasiyana: wina amalemba Khristu, wina Kristu, wina Ambuye, wina Mbuye. Ngati mawuwo akumveka a m'Baibulo, fufuzani vesi yake, chifukwa oika nyimbo pa intaneti ena amaitcha ndi dzina la salmo kapena nkhani yomwe yachokeramo.

Kamvekedwe nakonso kamalozera. Kodi munali kiyibodi ndi gitala, ngati mmene amachitira a Great Angels Choir kapena Ndirande Anglican Voices, kapena mawu okha ndi ng'oma? Anayamba munthu mmodzi ena n'kumavomera? Izi zikuuzani oyenera kuwafunsa.

Ndipo pofunsa, ine ndimati jambulani uthenga wa mawu osapitirira masekondi 30, munene komwe munaimva ndi chaka chake, mutumize ku gulu la kwaya kapena la achinyamata a mpingo womwe mukuuganizira. Pemphani kuti akauseweretse pa tsiku lophunzira nyimbo, pomwe amayi akuluakulu amakhalapo. Ambiri mwa iwo sali pa WhatsApp, koma ndi amene amaloweza mavesi onse.