Malo atsopano ogulitsirako soya: zoti mudziwe musanakweze matumba pa ngolo

Soya akauma m'minda ya ku Mchinji, Kasungu ndi Dedza m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, makopaletivi amayamba kulengeza malo atsopano osonkhanitsirako mbewuyi. Kawirikawiri chimakhala chithunzi cha nyumba yosungiramo matumba, pansi pake mawu ochepa onga awa: "Tatsegula malo atsopano olandirira soya pafupi ndi msika. Tikugula Lachiwiri ndi Lachisanu. Malipiro ndi a pa Airtel Money kapena Mpamba."

Masiku awiriwo sawaika mwachisawawa. Ndi pamene mlembi, sikelo ndi woyeza chinyezi amapezeka pamodzi. Mukafika Lachitatu mupeza chitseko chokiya, ndipo mwina mulipira ngolo kawiri kapena mugwa m'manja mwa mavenda, omwe sasowa pakhomo potere. Ngakhale pa tsiku loyenera, soya wosauma bwino amabwezedwa, chifukwa amachita nkhungu n'kuwononga mulu wonse. Ogula ambiri amafuna chinyezi chisapitirire 13 pa 100 iliyonse. Kunyumba mutha kuyesa poluma nthanga: youma imasweka kuti khwa, yaiwisi mano amangolowa. Akakubwezani Lachisanu, mwatsala ndi masiku atatu oti muyanike ndi kupeta Lachiwiri lisanafike.

Koma pomwe pamabuka mikangano ndi pa malipiro. Mawu aja anena njira yomwe ndalama idzere, sananene tsiku lomwe idzafike. Makopaletivi ena amalipira pompopompo. Ena amayamba asonkhanitsa matani okwana kudzaza lole, n'kugulitsa kwa opanga mafuta ophikira kapena chakudya cha nkhuku, kenaka n'kugawa ndalama. Njira yachiwiriyi imatha kubweretsa mtengo wabwinopo, komatu kwa amene akufuna fizi ya mwana sabata yomweyo, kudikirako n'kowawa. Kwa ine, chilengezo chosanena tsiku la malipiro n'choperewera.

Tiyerekeze kuti mayi wina wabweretsa matumba 4 a makilogalamu 50, ndipo mtengo ndi K1,000 pa kilogalamu. Iye akuwerengera K200,000. Pa sikelo achotsapo makilogalamu 4 a zinyalala ndi kulemera kwa matumba, kwatsala 196, ndiye kuti K196,000. Ngati malamulo a kopaletivi amati pa kilogalamu iliyonse pachoke K20 yoyendetsera ntchito, pachokanso K3,920, kutsala K192,080. Akakatapa kwa ejenti adulidwanso, ndipo ejenti wa kumudzi sakhala ndi ndalama zochuluka chonchi nthawi zonse, makamaka tsiku lomwe alimi onse alandira pamodzi. Ngati nambala yomwe walembetsa ndi ya mlamu wake, ndalamayo ifikira kwa mlamuyo.

Choncho musanatsitse thumba, funsani tsiku lomwe ndalama ilowe, yerekezani mtengo wawo ndi mtengo woyambira womwe Unduna wa Zamalimidwe umalengeza chaka chilichonse, ndipo onani ngati sikelo ili ndi chidindo cha Malawi Bureau of Standards. Musachoke pamalopo opanda lisiti yolembapo makilogalamu, mtengo ndi nambala yanu ya foni.