Nyimbo za pa basi ya ku Mzuzu: kuzisanja kuti mtima usamadumphe

Basi yonyamuka ku Blantyre m'mawa, kudutsa ku Lilongwe mpaka ku Mzuzu, imatha tsiku lathunthu pa msewu. Ndi makilomita oposa 600, ndipo mukawerengera za pa marodibuloko, zokweza ndi kutsitsa anthu, maola 10 amakwana bwinobwino, nthawi zina n'kupitirira. Ambiri amakonzekera ulendowu podzaza foni ndi nyimbo zonse zimene amazikonda, n'kudina Shuffle. Pofika pa Zalewa amakhala atayamba kale kudumphitsa nyimbo, ndipo pa Ntcheu mahedifoni amakhala ali m'thumba, mutu ukuwawa.

Nyimbozo sikuti ndi zoipa. Chatopetsa munthuyo ndi kudumpha: yachifatse ya Don Williams itangotha, kukubwera amapiano ogunda pachifuwa, kenako kwaya ya ku tchalitchi yojambulidwa motsika moti mpaka akweze voliyumu, ndiye yotsatira n'kumuphulikira m'khutu. Pa ulendo wautali, nyimbo iliyonse imamveka malinga ndi imene yangotha kumene. Ntchito yaikulu, tsono, ili pa kusankha kuti iti itsatane ndi iti.

Poyambira ndi liwiro la nyimbo. Oimba amaliyeza powerenga kuti nyimbo ikugunda kangati pa mphindi imodzi, ndipo mukaona pena palembedwa BPM, ndi zomwezo. Simufunika chipangizo chilichonse. Tsegulani nyimbo, muzigunda phazi pansi mmene thupi likufunira, muwerenge kwa masekondi 15, kenako muchulukitse ndi 4. Mukawerenga 20, nyimboyo ili pa 80. Mukawerenga 28, ili pa 112. Rege yambiri, monga ya Lucky Dube kapena ya Black Missionaries, mukaiwerenga motsatira kugwedezeka kwa mutu imagwera cha pakati pa 70 ndi 90. Amapiano amakhala cha m'ma 110 kupita m'tsogolo pang'ono. Rege imapusitsa: mukatsatira kagitala kodukizaduka kaja mupeza nambala yowirikiza kawiri. Tsatirani mutu ndi phazi, osati gitala.

Kwa munthu amene wakhala pampando tsiku lonse, mawondo atagunda mpando wakutsogolo, nyimbo za pakati pa 70 ndi 110 ndi zimene ndimaona kuti zimakhalitsa. Zothamanga kwambiri zimauza thupi kuti liimirire livine, pamene poimirira palibe, ndipo pakatha theka la ola munthu umangoyamba kuipidwa osadziwa chifukwa. Zochedwetsetsa zikachuluka zimakugoneka tulo tosakoma ta masana, todzuka khosi litauma.

Tiyerekeze kuti mwasankha nyimbo 6 zoyambira nazo, ndipo mutaziwerenga mwapeza 78, 112, 84, 96, 104 ndi 90. Mukazisiya mmene zililimu, kuchoka pa yoyamba kupita pa yachiwiri mwalumpha 34, kenako mwagwa ndi 28. Zisanjeni chonchi: 78, 84, 90, 96, 104, 112. Palibe pamene mwalumpha kupitirira 8, ndipo khutu silizindikira n'komwe kuti lakwera phiri. Mukafika pa 112 musabwerere pa 78 nthawi imodzi. Tsikani ndi ina ya 105, ina ya 98, mpaka pansi. Ine lamulo langa n'lakuti nyimbo zoyandikana zisasiyane kupitirira 10. Kukwera ndi kutsika kumodzi koteroko kuzitenga ola limodzi kapena ola ndi theka.

Liwiro likafanana, pamatsalabe kamvekedwe. Nyimbo ya munthu mmodzi ndi gitala yake, ngati za Giddes Chalamanda, ikhoza kukhala pa liwiro limodzi ndi ya gulu lodzaza malipenga ndi ng'oma, koma kuziika moyandikana kumadzidzimutsa. Pakati pake ikani ina yokhala ndi gitala, besi ndi ng'oma zopepuka, kuti zida ziziwonjezeka pang'onopang'ono. Woimba mmodzi asapitirire nyimbo ziwiri kapena zitatu motsatizana. Ngakhale Lucius Banda, chimbale chonse chikalira kamodzi n'kamodzi m'basi yotentha, mawu ake amasanduka phokoso chabe.

Chimene ambiri sachiganizira ndi kusiyana kwa mphamvu ya mawu. Nyimbo zakale, makamaka zochokera pa makaseti ngati za Allan Namoko kapena za Alleluya Band za m'masiku oyambirira, zimamveka motsika poyerekeza ndi zojambulidwa lero, zimene amazikweza dala kuti zizilira mwamphamvu. Onjezerani kuti nyimbo za m'foni mwathu zimachokera kosiyanasiyana: ina munaibenetsa pa msika, ina anakutumizirani pa WhatsApp, ina munaikoka pa intaneti. Kunyumba kusiyanaku simukumva kwenikweni. M'basi, injini ndi matayala zimameza mawu otsika, besi n'kusoweratu, ndiye nyimbo yakale ikalowa mumakweza voliyumu, yatsopano ikabwera n'kukubayani.

Njira zokonzera zilipo. Amene amamvera pa Spotify apeza pokonzera pamene pali mawu oti Normalize, ndipo a mafoni a Apple ali ndi Sound Check. Zonsezi zimayesa kulinganiza mphamvu ya nyimbo zonse. Amene nyimbo zawo ndi mafayilo a MP3 akhoza kuzidutsitsa pa kompyuta mu pulogalamu yaulere ya MP3Gain. Ngati zonsezi palibe, khutu lanu likwanira. Ikani voliyumu pakati, osaikhudzanso, ndipo mumvere masekondi 10 omalizira a nyimbo iliyonse ndi masekondi 10 oyambirira a yotsatira. Pamene chala chanu chafuna kuthamangira ku batani, pamenepo ndi polakwika. Nyimbo zotsikazo zisonkhanitseni pamodzi zikhale chigawo chawochawo, kuti mukweze kamodzi, mutsitse kamodzi.

Kumvetsera kotereku kumagwiranso mbava ina: nyimbo zimene kumayambiriro kwake kuli munthu wofuula dzina lake kapena la tsamba limene inakokedwa. Zoterezi zichotseni popanda chisoni. Chimodzimodzi zojambulidwa pa msonkhano kapena pa shoo, zimene zimathera m'nthungululu ndi kuwomba m'manja kwa mphindi yathunthu.

Za voliyumu zikukhudzanso thanzi la makutu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu akhoza kumvera mawu a madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata popanda chiopsezo chachikulu, ndipo mawu akakwera pang'ono chabe maola otetezekawo amatsika msanga. Ulendo umodzi wa ku Mzuzu ukhoza kudya gawo lalikulu la maola amenewo. Langizo lodziwika n'lakuti voliyumu isapitirire 60 pa 100 iliyonse. Ngati pamenepo simukumva chifukwa basi ikuliza zake, kapena filimu yatsegulidwa pa sikirini, musalimbane nayo pokweza. Mahedifoni okhala ndi timphira totseka khutu amathandiza kuposa aja ongokoleka, chifukwa amachepetsa phokoso la kunja. Mukatsika basi m'makutu mukulira ngati muli nkhululu, dziwani kuti munapitiriza.

Tsopano msewu weniweniwo. Simudzamvera maola onse 10. Pali kucheza ndi mnzanu wa pampando, kugula mbatata ndi kabichi pa Lizulu, kutsika pa rodibuloko, ndi kungopumitsa makutu, kumene n'kofunika pakatha ola lililonse. Maola 8 a nyimbo ndi okwanira. Nyimbo ya mphindi 4 imatanthauza nyimbo 15 pa ola, choncho mukufuna nyimbo pafupifupi 120. Musaziike pa mndandanda umodzi. Basi siisunga nthawi, ndipo ikachedwa ola ku Lilongwe dongosolo lonse limasokonekera. Pangani mindandanda inayi ya nyimbo 30, uliwonse wa chigawo chake cha msewu, kuti muzitsegula malinga ndi pamene mwafika.

Woyamba, kuchoka ku Blantyre mpaka cha ku Ntcheu, uyambire pansi, cha m'ma 75. Munthu wadzuka m'bandakucha, walimbana ndi katundu pa depoti, ndipo mtima sunakhazikike. Apa pamayenera nyimbo zimene mumazidziwa bwino, kaya zauzimu zachifatse kaya za Oliver Mtukudzi. Wachiwiri, wokwera ku Dedza mpaka kulowa mu Lilongwe, ndiwo ungafike pa 110, poti thupi lagalamuka ndipo maso ali ndi mapiri oti aone. Nyimbo zatsopano zimene simunazimvepo ziikeni muno, imodzi pakati pa zodziwika zitatu kapena zinayi. Nyimbo yachilendo imafuna kuitchera khutu, ndipo zikachuluka zimatopetsa.

Chigawo chovuta ndi chachitatu, kuchoka ku Lilongwe kudutsa pa Mponela mpaka Kasungu ndi Jenda. Mwadya, dzuwa lili pamutu, dziko ndi lathyathyathya. Ambiri amaika zothamanga kuti athamangitse tulo. Ine sindigwirizana nazo: wokwera si dalaivala, tulo tikabwera tibwere. Rege ya pakati pa 75 ndi 90 yosasinthasintha ndiyo yabwino, yoti mukagona n'kudzuka mupeze zinthu zili momwe munazisiyira. Muno musaikemo nyimbo yoyamba ndi kulira kwa sairini kapena mfuu. Musaikemonso imene inaimbidwa pa maliro a mayi anu, kapena ya chibwenzi chimene chinatha moipa. Mtima ukagwa pa Kasungu, kuudzutsa n'kovuta, ndipo Mzuzu akadali kutali.

Wachinayi ndi wa ku Chikangawa, kumene msewu umakhotakhota, kunja kukuda ndi kuzizira, nthawi zina kuli nkhungu. Nyimbo zokhala ndi mawu ochepa, monga zina za Wambali Mkandawire, zimakhala bwino kuno. Chofunika kwambiri n'chakuti mndandandawu ukhale woti simuukhudza, chifukwa kuyang'ana pa foni basi ikukhota ndi kumene kumabweretsa mseru ndi chizungulire. Nyimbo iliyonse imene mumaikayikira ichotseni mukadali kunyumba.

Zonsezi zikhale m'foni kapena pa memore musananyamuke, poti netiweki imaduka m'malo ena a msewuwu ndipo bandulo siingapirire tsiku lonse. Fayilo ya MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, ndiye maola 8 sakwana 500 MB. Ya 320 kbps imapitirira pang'ono 1 GB, koma m'phokoso la basi kusiyana kwake simukumva. Mafoni ang'onoang'ono ndi mapulogalamu ena amasanja nyimbo potsatira dzina la fayilo, choncho lembani manambala kutsogolo kwa dzina, 001, 002, 003 mpaka 120, kuti dongosolo lanu lisaphwasuke. Zimitsani Shuffle. Ngati pulogalamu yanu ili ndi Crossfade, iikeni pa masekondi 4 kapena 5 kuti nyimbo ziziloŵerana popanda kampata kachete. Kupitirira pamenepo oimba awiri amayamba kulankhulira pamodzi. Foni imatha batire msanga ikamasakasaka netiweki kumalo kopanda nsanja, ndiye mukadutsa Jenda iikeni pa Airplane mode, mudzaitsegule mukayandikira m'tauni kuti muimbire wodzakuchingamirani.